"Alamu apite kuchipatala lero": mafunso ndi mayankho pa voisi ya mayi wina wa m'tauni

Ndine namwino, ndipo zaka zambiri za ntchito yanga ndathera m'wodi ya abambo. Tsiku lina m'mamawa mnansi wanga kuno ku Lilongwe anagogoda, foni ili m'manja, n'kundipempha ndimvere voisi imene ankafuna kutumiza kwa mng'ono wake kumudzi, cha ku Dowa, yokhudza mwamuna wa mng'ono wakeyo, amene ankamva kupweteka pachifuwa. Ankafuna kudziwa ngati sakuopseza anthu pachabe. Ndinamuuza kuti aitumize momwemo osachotsa kalikonse. Voisiyo itazungulira pagulu lathu la amayi a kumpingo pa WhatsApp, mafunso anandichulukira, ndiye ndawasonkhanitsa pano. Eni ake anavomera, ndipo mayina ndachotsa.

Mawu ake anali awa:

"Mng'ono wanga, mwadzuka bwanji kumeneko? Ine kuno tulo sindinatione chifukwa cha zimene unandiuza usiku zija. Tamvera, usaidule voisiyi, uimvere mpaka kumapeto, kenako uwaikire alamu amve okha. Iwe ukuti ndi chilungulira. Chilungulira chanji chodikira kuti munthu ayambe wakwera chitunda cha kuchigayo ndiye chibwere? Unanena wekha kuti akatsika panjinga n'kukhala pamthunzi zimasiya. Ndiye dzulo zawapeza ali chikhalire pakhonde, thukuta kamukamu, mkono wamanzere dzanzi. Nanga pakhondepo amakwera chitunda chiti? Usandiuze za fodya ali m'chigafa, fodya sathawa. Usadikirenso kuti amalume awo abwere kaye, uwaimbire muli kale panjira. Ndakutumizira ndalama pafoni ya njinga yamoto, kupita ndi kubwera. Asapalase okha, wamva? Utenge kabuku kawo ka kuchipatala kaja, muli BP yomwe anawayeza chaka chijachi. Akakana undiimbire, ndilankhula nawo ndekha, ine mlamu wawo sangandikanire. Chonde mwana wa amayi anga, lero. Osati Lolemba."

Kodi mayiyu sakungokokomeza? Pachifuwa pamapweteka aliyense wogwira ntchito ya kumunda.

Sakukokomeza. N'zoona kuti abambo ambiri amene amabwera akudandaula pachifuwa alibe vuto la mtima. Ena ndi minofu, ena ndi m'mimba, ena ndi mapapo. Koma mu voisiyi muli zinthu zitatu zimene zikadandidzidzimutsa ngakhale ndikadazimva ndili mtulo. Choyamba, ululu umabwera bamboyo akamalimbana ndi chitunda ndipo umachoka akapuma. Chachiwiri, tsopano wabwera asakuchita kanthu. Chachitatu, wabwera ndi thukuta komanso dzanzi la mkono. Kuwonjezera apo, bamboyu ali ndi zaka 54, amasuta chingambwe kuyambira ali mnyamata, ndipo anauzidwapo kuti BP yake ndi yokwera.

Chimene mayi wa m'tauniyu anagwira bwino kwambiri ndi chachiwiricho. Kusintha kuchoka pa "zimabwera ndikagwira ntchito" kufika pa "zabwera ndili chikhalire" ndi kumene kumasandutsa nkhani ya sabata yamawa kukhala nkhani ya lero.

Chitunda chikukhudzana bwanji ndi mtima?

Mtima ndi mnofu, ndipo ngakhale umapopa magazi a thupi lonse, iwonso umadya kudzera m'mitsempha yakeyake yaing'ono imene imayanga pamwamba pake. Ndi zaka, makamaka mwa munthu wosuta fodya, wa BP kapena wa shuga, m'kati mwa mitsempha imeneyi mumamatirira mafuta ndipo njira imachepa. Ganizani za ngalande ya kudimba imene yadzaza matope. Masiku ozizira timadzi todutsato timakwanira ndiwo zonse. Dzuwa la Okutobala likafika, madzi omwewo sakwananso ndipo masamba amafota.

Munthu akakhala pansi, magazi ochepa odutsa panjira yopanikizikayo amakwanira. Akayamba kupalasa njinga ndi thumba la chimanga pakaliyala, mtima umafuna ochuluka, sukuwapeza, ndipo umadandaula ndi ululu. Akaima, pakatha mphindi 5 kapena kucheperapo ululu umazirala. Apa mnofu wa mtima sunafe, ukungochenjeza.

Tsiku lina mafuta omatirira aja amang'ambika, magazi n'kuundana pamenepo, njira n'kutsekeka pang'ono kapena yonse. Ndiye chifukwa chake ululu umabwera munthu ali pakhonde. Njira ikatsekeka yonse, gawo la mtima limene limadya kudzera mumtsempha umenewo limayamba kufa pakangotha mphindi 20 mpaka 30, ndipo kuwonongeka kwakukulu kumachitika m'maola oyambirira omwewo. Mnofu wa mtima ukafa sumeranso, pamatsala chipsera. Nthawi zina magazi oundanawo amasungunuka pang'ono okha, ululu n'kusiya, banja n'kumati zapita. Masiku otsatira amenewo ndi oopsa, chifukwa malo ong'ambika aja akadalipo ndipo angathe kutsekekanso.

Tingasiyanitse bwanji ululu wa mtima ndi chilungulira, TB, chibayo kapena minofu?

Ine ndimayamba n'kuyang'ana dzanja la wodwala ndisanamve mawu ake. Ndikafunsa kuti "pakupweteka ndi pati?", wa minofu kapena nthiti amaloza ndi chala chimodzi, ndipo ndikadina pamenepo amadumpha. Wa mtima kawirikawiri amaika chikhatho chonse kapena chibakera pakati pa chifuwa. Ambiri satinso n'komwe "kupweteka". Amati kulemera, kufinya, kubanika, ngati wina wawaika mtondo pachifuwa. Ululuwo ungathe kukwera kukhosi ndi kunsagwada, kupita kuphewa, kutsika mkono wamanzere kapena mikono yonse, kapena kutulukira kumsana. Pamabwera thukuta lozizira, mseru, befu, ndi mantha amene wodwala amalephera kuwafotokoza.

Chilungulira chimawotcha. Chimakwera kuchokera pachifu, chimakonda kubwera munthu atadya, makamaka mbatata, nyemba, zokazinga kapena atamwa mowa, ndipo chimakula akagona kapena kuwerama. M'kamwa mumabwera madzi owawasa. Sichisamala za chitunda.

Chibayo chimabaya m'nthiti munthu akakoka mpweya kapena kutsokomola, ndipo pamakhala kutentha thupi ndi kupuma mofulumira. TB imabwera pang'onopang'ono: kutsokomola milungu 2 kapena kuposa, thukuta la usiku, kuwonda, kusowa chilakolako cha chakudya, nthawi zina magazi m'makhololo. Kuno kwathu TB imathanso kugwira kathumba kamene kamakuta mtima, madzi n'kudzaza m'menemo, makamaka mwa anthu amene ali ndi HIV. Wotere amabanika, miyendo imatupa, ndipo nthawi zina amamvako bwino akakhala tsonga n'kuweramira kutsogolo. Palinso mashingozi, amene amawotcha mbali imodzi ngati lamba masiku angapo matuza asanatuluke.

Koma ndinene mosabisa: zimenezi ndi zokuthandizani kudziwa liwiro lopitira kuchipatala, osati zoti mugamule mlandu pakhomo. Ifenso ovala zoyera timapusitsika. Ululu wa mtima umatha kumveka ngati chilungulira chenicheni, ndi kugeya komwe. Amayi, okalamba ndi anthu a shuga nthawi zina samva ululu weniweni, amangofooka, kubanika ndi kutuluka thukuta. Ndipo ngati munthu wamwa madzi a soda wophikira therere uja n'kumvako bwino, sizikutsimikiza kanthu. Mwina ululu unali woti usiya kale. Sodayo alinso ndi mchere wa mtundu womwewo umene umakweza BP.

Zikayamba usiku, chipatala chili kutali, tichite chiyani?

Ngati kufinya pachifuwa kwapitirira mphindi 15 munthu atapuma, kapena kwabwera ndi thukuta, kubanika, kusanza kapena chizungulire, yambani ulendo nthawi yomweyo. Musadikire kuti kuche.

Mukhazikeni pansi atatsamira khoma kapena munthu, mawondo atapinda pang'ono, ndipo mumasule lamba ndi mabatani. Asayende kupita kumsewu, asapalase njinga, asapite kuchimbudzi yekha. Wina athamange kukafuna galimoto kapena njinga yamoto pamene wina akhala naye. Panjinga yamoto wodwala akhale pakati, munthu wina kumbuyo kwake womugwira, chifukwa angathe kukomoka panjira. Ngati chilipo ndi ngolo yokha, muikireni mtsamiro wa zovala kuti asagone chagada. Amene ali ndi nambala ya mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo amuimbire, chifukwa nthawi zambiri amadziwa mmene angaitanitsire ambulansi kapena kuchenjeza a pachipatala kuti mukubwera.

Ngati muli ndi asipirini, atafune m'bulu umodzi wa mamiligalamu 300. Ndati kutafuna, osati kungomeza, kuti alowe m'magazi msanga. Ngati ndi timibulu tating'ono ta mamiligalamu 75, atafune 4. Asipirini sachotsa ululu wa mtima. Ntchito yake ndi kuletsa magazi oundana aja kuti asapitirire kukula. Mukafika kuchipatala munene kuti wamwa, ndi nthawi yake.

Akagwa, osayankha komanso osapuma bwino, mugonekeni chagada pamalo olimba, ikani manja anu awiri pakati pa chifuwa, dinani mwamphamvu ndi mofulumira, ka 100 mpaka 120 pa mphindi, kulowa pansi masentimita 5. Musamuthire madzi m'kamwa.

Asipirini ndi wa aliyense? Nanga bulufeni ndi indosidi amene timagula pagolosale?

Si wa aliyense. Musapereke kwa munthu amene asipirini amamutupitsa, kumutulutsa zidzolo kapena kumubanikitsa, amene anasanzapo magazi kapena kuchita chimbudzi chakuda bii chifukwa cha zilonda za m'mimba, kapena amene akumwa kale mankhwala osungunula magazi. Musaperekenso ngati kamwa lapotoka, mbali imodzi yafooka kapena mawu akukokeka, chifukwa chimenecho chingakhale sitiroko, ndipo sitiroko ina imabwera chifukwa magazi akutayikira mu ubongo. Ngati ululu wabwera mwadzidzidzi ngati chinthu chang'ambika kuchokera pachifuwa kupita kumsana, thamangani naye osamupatsa kanthu.

Bulufeni, indosidi ndi dikilofenaki salowa m'malo mwa asipirini. Amakweza BP, amakanda m'mimba, ndipo kwa munthu wa vuto la mtima amawonjezera chiopsezo. Bambo wa m'nkhani yathuyi anali akumwa indosidi awiriawiri kwa milungu itatu, poganiza kuti ndi kutopa kwa m'chigafa. Panado savulaza mtima, koma sathandizanso vutolo.

Za mphini ndingonena zimene ndimaona. Ndikamavula malaya abambo kuti ndiwamate timawaya ta ECG, makina oyezera mtima, si kawirikawiri kupeza chifuwa chopanda mphini zatsopano. Sindiwakalipira. Koma mphini iliyonse imandiuza masiku amene anatayika panjira.

Matenda a mtima si a mabwana onenepa a m'tauni? Bamboyu ndi wowonda ndipo amalima tsiku lililonse.

Kulima kumathandizadi, koma sikufafaniza fodya ndi BP. Chingambwe chopichira papepala chilibe chifundo kuposa ndudu ya m'sitolo. Kafukufuku wa m'dziko lonse amene Unduna wa Zaumoyo unachita pamodzi ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi sankadziwa. Vutoli silinali la m'tauni mokha, kumudzi linaliponso lambiri. BP imatchedwa yokwera ikamapezeka pa 140/90 kapena kuposa pamiyeso ingapo, ndipo nthawi zambiri siipweteka paliponse. Munthu amanyamula matumba bwinobwino pamene mitsempha ikuwonongeka mwakachetechete.

Kuchipatala chathu chaching'ono kulibe makina oyezera mtima. Tipitirenji?

Funso limeneli ndi lachilungamo. Zipatala zambiri zazing'ono zilibedi ECG, makina amene amajambula kayendedwe ka magetsi a mumtima papepala. Amapezeka kwambiri m'zipatala za maboma, m'zipatala zina za mishoni zomwe zimalipiritsa, ndi m'zipatala zazikulu zinayi: Kamuzu Central ku Lilongwe, Queen Elizabeth ku Blantyre, Zomba Central ndi Mzuzu Central. Ngati mtunda wopita kuchipatala cha boma sukusiyana kwambiri ndi wa chaching'onocho, ndipo zizindikiro ndi zimene tafotokozazi, lunjikani kwa chachikulucho.

Ngati chaching'ono ndicho chili pafupi, pitanibe. Akayeza BP, kugunda kwa mtima ndi kutentha kwa thupi, akamvetsera mapapo, akapereka asipirini ngati akuyenera, ndipo akalemba kalata yokutumizani patsogolo, imene imatsegula njira ya ambulansi. Ngati ndi chibayo kapena TB, thandizo limayambira pomwepo. Kuyeza makhololo ndi mankhwala a TB m'zipatala za boma n'zaulere.

Chimene chimalakwika kawirikawiri ndi mawu. Mwa chilankhulo chathu munthu akati "ndikudwala chifuwa", aliyense amamva kutsokomola. Akati "mtima ukundipweteka", ena amamva chilungulira, ena amamva nkhawa. Dokotala amene ali ndi anthu ambirimbiri pamzere amalemba mankhwala a chifuwa kapena a m'mimba, n'kuitana wotsatira. Ndiye inu mayi, lowani nawo m'chipindamo, ndipo munene motere: "Amamva kufinya pakati pa chifuwa akamakwera chitunda, akapuma zimasiya. Zayamba milungu itatu yapitayo. Dzulo zinabwera atakhala pansi, zinatha pafupifupi theka la ola, anatuluka thukuta ndipo mkono wamanzere unachita dzanzi. Amasuta, ndipo anawapeza ndi BP." Wachipatala aliyense akamva zimenezi amaimika cholembera. Musakhalenso kumapeto kwa mzere mwaulemu ululu uli m'kati; uzani namwino kapena wolandira odwala pakhomo pomwe.

Dziwaninso kuti ECG imodzi ikhoza kutuluka bwino munthu ali ndi vuto, makamaka ngati yajambulidwa ululu utasiya. Akakuuzani kuti agone kuti amuone ndi kumujambulanso, musakane chifukwa cha mbuzi zakunyumba.

Mwamuna akukana, ndipo akwawo sanafike. Mkazi angangomutenga yekha?

Apa ndi pamene voisi ija inagwira ntchito kuposa mankhwala anga. Kwathu, makamaka kumene mwamuna ali pachikamwini, mkazi amaopa kunyamula mwana wa eni ake kupita naye kutali asanauze amalume ake kapena ankhoswe. Zikavuta kumeneko, funso limakhala lakuti "munatiuza?" Mantha amenewo ndi enieni ndipo sindiwaseka. Koma mwambo umafuna kuti akwawo adziwe, sunanene kuti wodwala adikire. Foni imakwaniritsa zonse ziwiri: imbani muli panjira, uzani chipatala chimene mukupita, iwo akupezeni komweko. Ngati foni yawo siikupezeka, tumani mwana kapena uzani a mfumu kapena mkulu wa mpingo kuti akhale mboni.

Za kukana kwa abambo, ndaona kuti mawu akuti "mufa" sagwira. Amaumitsa khosi. Chimene chimawagwira ndi kuwachotsera zifukwa chimodzichimodzi. Mayi wa m'tauni uja anachita zimenezo mosadziwa kuti ndi luso: ya thiransipoti anatumiza, za fodya anayankha, ndipo anapempha kuti alamu amve mawu ake okha. Pakati pa munthu ndi mlamu wake pali ufulu wonenana zimene mkazi sanganene popanda kuoneka wamwano. Pomwe anawaimbira masana ake, akuti anangoti, "Alamu, mukufuna fodya ameneyu akagulitse ndani, mwamuna wina?" Bamboyo anaseka, n'kuvala nsapato.

Ndiye zinatha bwanji?

Anafika pachipatala chaching'ono cha m'ma 2 koloko masana. BP inali 178/104. M'kabuku kawo munali 165/100 ya chaka chapitacho, ndi mankhwala a mwezi umodzi amene anamwa n'kusiya chifukwa "ankamva bwino". Anapatsidwa asipirini ndi kalata. Ambulansi inali itapita ndi mayi woyembekezera, ndiye anakwera galimoto ya matola ndi ndalama zotsala zija. Kuchipatala cha boma ECG inaonetsa kuti mbali ina ya mtima siikulandira magazi okwanira. Shuga anali bwino. Anagona masiku 4, ndipo usiku woyamba ululu unabweranso ali pabedi, koma nthawi imeneyi panali anthu oti achitepo kanthu.

Anatuluka ndi asipirini wamng'ono wa tsiku lililonse, mankhwala a BP, ena ochepetsa kuthamanga kwa mtima, ena otsitsa mafuta m'magazi, ndi tsiku lokaonana ndi madokotala kuchipatala chachikulu. Otsitsa mafutawo anali atatha kufamase ya chipatala, ndipo mlamu wawo ndi amene amagula m'tauni n'kutumiza pa minibasi mwezi ndi mwezi. Fodya wa m'chigafa anasankha ana ndi mphwawo.

Ululu ukatha, angasiye mankhwala n'kubwerera kumunda?

Mankhwala ayi. Mitsempha yochepa ija siibwerera mwakale, mankhwala amangoiteteza kuti isatsekeke ndi kupeputsira mtima ntchito. Ochepetsa kuthamanga kwa mtima, monga atenololo, ndi oopsa kuwasiya mwadzidzidzi, chifukwa mtima umayamba kuthamanga ndipo ululu ungabwerere mwamphamvu. Ndiye mibulu ikatsala ya sabata imodzi, yambani kale kukonza ulendo wokatenga ina. Akaona chimbudzi chakuda, kapena miyendo ikatupa, kapena akamalephera kugona popanda mitsamiro iwiri kapena itatu, abwerere kuchipatala tsiku lake lisanakwane.

Kumunda angabwerere, koma pang'onopang'ono ndiponso dokotala atavomera. Ayambe ndi kuyenda pamalo athyathyathya, kuwonjezera mtunda sabata ndi sabata. Muyeso wake ndi wosavuta: ngati sangathe kulankhula akugwira ntchitoyo, kapena kufinya kwayamba, aime. Kufinyako kukapanda kusiya atapuma, kapena kukayamba kubwera pantchito yopepuka kuposa kale, ndi ulendo wa kuchipatala tsiku lomwelo.

Chingambwe chiyenera kutha chonse, osati kuchepetsa. Mchere wowaza pambale uchoke pamphasa, ndipo wothira mumphika uchepe kwa banja lonse, chifukwa kuphika miphika iwiri kumatha sabata imodzi basi. Ndinamva kuti za mchere bamboyo anagonja msanga. Za fodya mkangano ukadalipo, ndipo mlamu wawo watumiza kale mavoisi ena atatu.